Meseji ya befide kwa abwana: mmene mungailembere osaoneka ngati mukunyambita

Chaka changa choyamba pantchito ndinalemba meseji ya befide kwa abwana athu yomwe mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna kubisala pansi pa desiki. Ndinakhala nayo usiku onse, ndinaikamo mawu onse akuluakulu omwe ndimawadziwa, ati ndinu tate wathu, ndinu nyali ya kampani ino, popanda inu ife sitili kanthu, kenako mavesi awiri, keke ya emoji, maluwa, manja opemphera atatu. Yankho linabwera cha m'ma 10 koloko, lalifupi kwabasi: "Zikomo. Pali chomwe mukufuna?" Sanali okwiya ayi, amangoseka, koma tsiku lonse lija ndinayenda ngati nkhuku yonyowa, chifukwa anali atandiwerenga bwinobwino, ndinali pa pulobeshoni ndipo ndimafuna andikonfeme.

Kuchokera pamenepo ndalembapo ambiri, ndathandizapo anzanga kulemba, ndipo pano nanenso ndili ndi anyamata atatu omwe amandilembera ine, nde ndaona mbali zonse ziwiri. Chomwe ndinaphunzira nchoti kusyasyalika sikuchokera pa kuchuluka kwa ulemu ayi, munthu utha kupereka ulemu wonse osanyambita. Kumabwera ukayamba kutama munthu ndi mawu oti angakwane bwana wina aliyense, komanso pansi pake pakumveka kafungo ka pempho. Nde tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Poyamba, tsikulo mwalidziwa bwanji?

Ambiri amalumpha apa. Musanagwire foni dzifunseni kuti nkhani yoti lero ndi befide ya abwana yakupezani kudzera njira iti. Ngati aika okha pa sitatasi ya WhatsApp, kapena a kuofesi yoona za antchito alengeza pa gulupu, kapena chaka chilichonse pamagulidwa keke ndi zakumwa, palibe vuto, lembani. Koma ngati mwaliona pa fotokope ya chitupa chawo cha unzika pomwe mumakonza mafayilo, kapena pa pepala la penshoni, khalani chete, chifukwa funso loyamba lomwe libwere m'mutu mwawo ndi loti kodi uyuyu wadziwa bwanji, ndipo mafuno anu onse abwino aja afera pomwepo.

China, si onse amasunga befide. A Mboni za Yehova sakondwerera tsiku lobadwa, nde kuwatumizira keke ya emoji nkuwaika pamalo ovuta, akuyankheni bwanji? Alipo Asilamu ena omwe sazilabadira, ena alibe nazo vuto. Alipo akuluakulu obadwira kumudzi omwe tsiku lili pa mapepalalo anangolisankha polembetsa sukulu, eni ake salitenga ngati kanthu. Ngati simukudziwa, funsani sekilitale kapena dalaivala wawo, anthu awiriwa amadziwa zonse, mungofunsa kuti "kodi madamu befide amapanga?" basi.

Kenako sankhani polembera

Lamulo langa ndi losavuta: lemberani pomwe mumalankhulana nawo masiku onse. Ngati za ntchito mumatumizirana pa WhatsApp, lembani pa WhatsApp. Ngati nambala yawo munangoitenga pa gulupu koma simunalankhulepo nawo painiboksi, musayambire pa befide, ikani mawu anu pagulupu pomwepo kapena sainani khadi yomwe ikuzungulira muofesi. Ngati ndi abwana akutali, a kulikulu, oti mumakumana nawo pa miting'i kawiri pachaka, imelo yaifupi ndiyokwanira, ndipo kunena zoona olo osalemba palibe amene akufunseni.

Pagulupu ndi painiboksi sizilembedwa mofanana. Pagulupu lembani mzere umodzi. Kuja kumakhala ngati mpikisano, woyamba walemba mizere iwiri, wachiwiri isanu, wachitatu waika ndakatulo, ndipo anzanu onse akuwerenga nkumatumizirana kumbali kuti taonani uyu wayambapo. Mawu ochokera pansi pamtima aja ndi a painiboksi. Ndipo kuika chithunzi cha abwana pa sitatasi yanu maola 24 athunthu ndi mawu oti "mtsogoleri wanga", ine ndimati ayi, chifukwa sitatasi imaonedwa ndi aliyense yemwe munasungirana naye nambala, nde zikuoneka kuti mukufuna anthu aone kuti mumadziwana ndi akuluakulu. Pokhapokha ngati ndinu anzawo enieni oti mumapitirana kumaliro ndi kumaukwati.

Voisi noti ayi. Kuimba foni ayinso, kupatula ngati ndinu wachiwiri wawo. Kwa amene mukugwiritsa ntchito meseji wamba ya pafoni, kumbukirani kuti imodzi imatenga zilembo 160, koma mukangoikamo emoji kapena ka ŵ kaja kokhala ndi chipewa malire amatsika kufika pa 70, nde meseji ija imaduka zidutswa, pena nkufika mosemphana.

Nthawi

Pakati pa 8 ndi 10 koloko mmawa. Osati 12 koloko usiku kuti mukhale woyamba, imeneyo ndi nthawi ya akazi awo kapena amuna awo ndi ana, ndipo foni ikalira pakati pausiku dzina lanu nkuoneka pagalasi mutha kuyatsa moto m'banja la eni popanda chifukwa. Osatinso 5 koloko mmawa. Tsikulo likagwera Loweruka kapena Lamulungu tumizani chakumasana anthu ataweruka kutchalitchi, ndipo ngati ndi a Seventh Day dikirani dzuwa lilowe Loweruka kapena muwapatse mafuno Lachisanu poweruka.

Muwatchula kuti chani

Apa ndi pomwe Chichewa chathu chimatithandiza, chifukwa ulemu uli kale m'chiyankhulo, simufunika kuwonjezera zokometsera. Mukati "inu", "ndikufunirani", "mwatithandiza", ulemu wakwana kale. Atchuleni mmene mumawatchulira Lachiwiri wamba muofesi. Ngati mumati "bwana", lembani "Bwana". Ngati mumati "madamu", "Madamu". Ngati mumati "Bambo Banda" kapena "Mayi Phiri", chomwecho. Vuto limabwera pomwe munthu masiku onse amati "bwana" koma pa befide wasanduka nkuyamba "adadi", "mami", "bigi", "achikulire", "mdala wanga". Kusintha kumeneko nkomwe kumanunkha.

Za "mayi wathu" ndi "tate wathu" ndiime pang'ono. Kwathu kuno mawuwa si oipa, munthu wamkulu timamutchuladi choncho, ndipo mlonda wa zaka 25 kunena "mayi" kwa manijala wa zaka 55 palibe cholakwika. Koma "Mayi" wongoitana ndi wosiyana ndi "ndinu mayi wathu amene mumatidyetsa". Wachiwiriyu akutanthauza kuti ife ndi ana inu mutisamale, ndi pempho lomwe lavala chitenje. Ndipo ngati abwanawo ndi ang'ono kwa inu, zomwe masiku ano zachuluka, mnyamata wa zaka 32 akuyang'anira madala a zaka 50, kumuti "tate" nkumuchititsa manyazi, pena amaona ngati mukumunyogodola.

Mfunda, zija za aNaphiri, aNabanda, aNangondo, a Jere, ndi zokoma kwambiri koma ndi za anthu ozolowerana. Ngati simunawaitanepo choncho pamaso nkuona kuti asangalala, musayesere pa meseji. Maudindo a sukulu nawo, ngati ndi Dokotala kapena Pulofesa ndipo amagwiritsa ntchito, ikani limodzi lokha, osati kundandalika onse ngati mukuwaitanira kugome pa msonkhano.

Chiyankhulo chake ndi chomwe mumalankhulana. Ngati amakulemberani Chingerezi nthawi zonse, yankhulani Chingerezi chosavuta, musapite kukakumba mawu a mudikishonale. Ngati mumacheza m'Chichewa, Chichewa chimafika pamtima msanga. Ngati ndi a kumpoto inu Chitumbuka simuchidziwa, musakabwereke kwa mnzanu ndime yonse, ka "yewo" kamodzi kokha nkokwanira ngati mumaseka nawo choncho.

Tsopano pachimake: chinthu chimodzi chomwe chinachitikadi

Meseji yabwino ili ndi tizigawo titatu, mafuno, chinthu chimodzi chenicheni chomwe mukuthokoza, ndi dalitso lalifupi. Koyamba ndi komaliza aliyense amatha. Kapakatiko ndi komwe kamasiyanitsa woona mtima ndi wonyambita, nde ndikuonetsani ndi nkhani ya mnyamata wina yemwe ndinamuthandiza.

Mnyamatayu ndi kalaliki wa kusitolo ya katundu pa kampani ina ya zomangamanga ku Kanengo, wagwirapo chaka ndi miyezi ingapo. Bwana wake ndi mzimayi, woyang'anira zachuma, wosaseka wamba. Anabwera nthawi ya lanchi tikudya chipisi nkundipatsa foni kuti achimwene tandionereni iyi. Inali chonchi:

"Mayi wathu okondedwa, mkango wa kampani ino, mtsogoleri wamasomphenya amene palibe wofanana naye, lero dziko lonse likusangalala chifukwa cha kubadwa kwanu. Popanda inu ife sitikadadya. Ndinu chitsanzo changa, ndimapemphera tsiku ndi tsiku kuti ndidzakhale ngati inu. Mulungu akupatseni zaka zina 100 ndipo musatiiwale ana anu."

Ndinamufunsa funso limodzi: meseji iyi, titachotsa mawu oti mayi, ungaitumize kwa abusa ako? Anati eya. Kwa phungu wa kwanu? Anaseka, anati eya. Ndinati nde si ya madamu imeneyi, ndi yunifolomu, aliyense angavale. Mayeso ake ndi amenewo, ngati meseji yanu ingapite kwa bwana wina aliyense popanda kusintha liwu, ndiye kuti simunanene kanthu za munthuyo, mwangoimba nyimbo.

Ndipo nyimbo zimenezi tinakulira nazo, sindimamuda mnyamatayo. Dziko lino mpaka lero 14 Meyi ndi holide, tsiku lomwe tinkakondwerera kubadwa kwa Kamuzu, ndipo makolo athu anaimba za Ngwazi, Mkango, Wamuyaya zaka zambirimbiri. Nde tikangoti tilembere wamkulu, mawu omwe amabwera okha m'kamwa ndi a pa msonkhano wa chipani. Koma abwana anu amadziwa kuti iwo si mkango, dzulo lomweli anakanika kutsegula fayilo pakompyuta nkukuitanani.

Tinayamba kuchotsa. "Palibe wofanana naye" ndi bodza ndipo onse awiri akudziwa. "Dziko lonse likusangalala" bodza lina. "Popanda inu sitikadadya" likumuchepetsa iye mwini, munthu amalandira malipiro chifukwa amagwira ntchito. "Musatiiwale ana anu" ndiye poipitsitsa, chifukwa ndi dzanja lotambasula, ndipo kontirakiti yake imatha miyezi iwiri kutsogoloko, madamu akadangowerenga mzere umenewo nkuiwala ena onse.

Zitatha zonse panatsala mawu oti "Mayi" okha. Nde ndinamufunsa kuti chaka chimenechi madamu anakuchitira chani chomwe ukuchikumbukira, osati chachikulu, chilichonse. Anaganiza kaye, kenako anati pa kuwerenga katundu kwa mwezi wa Juni mabuku ankaonetsa kuti matumba 14 a simenti akusowa, iye mtima unali m'mwamba akuona kuti basi ntchito yatha mwinanso apolisi, koma madamu sanakalipe, anakoka mpando nkukhala naye mpaka cha m'ma 7 usiku akuyang'ana mapepala olandirira katundu limodzilimodzi, mpaka anapeza kuti lole imodzi inalowetsedwa kawiri m'kompyuta. Kenako anamuonetsa kuti azilemba nambala ya pepala lililonse m'kabuku asanalowetse, ndipo kuyambira pamenepo sizinachitikenso.

Ndinati nde bwanji sunalembe zimenezi? Anati aaa ndimaona ngati nzazing'ono. Zazing'onozo ndiye zenizeni, chifukwa palibe wina muofesi monse angalembe mzere umenewo koma iye yekha. Yomwe tinatumiza inali iyi:

"Mwadzuka bwanji Madamu. Ndamva kuti lero ndi tsiku lanu lobadwa, ndati ndikufunireni zabwino zonse. Ndimathokozabe tsiku lija la mu Juni munakhala nane mpaka usiku tikufufuza mapepala, njira ya kabuku munandionetsa ija ndikuigwiritsabe ntchito. Mulungu akupatseni thanzi ndi chaka chabwino pamodzi ndi banja lonse."

Nkumaliza ndi dzina lake ndi dipatimenti, poti sitimadziwa ngati nambala yake anaisunga.

Taonani zomwe zachitika apa. Palibe pomwe wanena kuti madamu ndi oleza mtima kapena anzeru, koma aliyense wowerenga akuona yekha kuti ndi oleza mtima. Watchula zomwe anachita, osati zomwe ali. Mukati "ndinu anzeru" mukuwapatsa malikisi, ndipo wamng'ono kupatsa malikisi wamkulu nkwachilendo, ndinu ndani kuti muwayeze? Koma mukati "munandionetsa chakuti ndipo chikundithandiza" mukungonena zomwe zinakuchitikirani, palibe angatsutse. Taonaninso kuti matumba 14 aja sitinawatchule. Dala. Meseji imasungika, imatha kujambulidwa, imatha kuwerengedwa ndi wina foni ili patebulo, nde musalembe za katundu wosowa, za ndalama, za tsiku lomwe anakubisirani kulakwa kwa akuluakulu anzawo, kapena za loni yomwe anakusainirani mwachinsinsi. Nenani mokwanira kuti iwo akumbukire, wina asamve zonse.

Nanga ngati palibe chabwino chomwe anakuchitirani?

Funso ili limabwera nthawi zonse, ndipo mabwana ena ndi ovutadi, tisanamizane. Yankho ndi loti musapeke. Chotsani kapakati kaja mutsale ndi mafuno okha: "Bwana, ndikufunirani tsiku labwino lobadwa. Mulungu akupatseni thanzi ndi mtendere chaka chikubwerachi." Yatha. Kufunira munthu thanzi si bodza olo mutakhala kuti simumukonda, koma kumuuza kuti ndi bwana wabwino kuposa onse pomwe sabata yatha mumamudandaula m'minibasi ndi bodza, ndipo anzanu omwe munali nawo m'minibasimo ali pagulupu pomwepo.

Pena mukaganiza bwino kanthu kamapezeka. Anakulolani kupita kumaliro a malume anu ku Ntcheu osakudulani masiku, anakutumizani kumaphunziro, anakonza lipoti lanu ndi bolopeni yofiira mpaka munaphunzira kulemba. Olo bwana wovuta mutha kumuuza zoona kuti "kulimbikira kwanu pa nkhani yosunga nthawi kwandisintha", ngati kwakusinthanidi.

Zoti zisalowemo

Pempho lililonse, olo lobisika bwanji. Adivansi, livu, pulomoshoni, kontirakiti, ntchito ya mphwanu, zonsezi zidikire, ndipo osati mawa lake, papite sabata ndithu, apo ayi meseji ija iwoneka ngati inali yotsegulira njira. Ngati befide yagwera sabata yomwe akulemba malipoti a kagwiridwe kanu ka ntchito, fupikitsani kwambiri, mafuno okha, nkhani yothokoza ija mudzainene tsiku lina zonse zitadutsa.

Zaka zawo musatchule, musafunse. Kwa azimayi aliyense amadziwa, koma kwa azibambonso ndi nkhani, makamaka m'boma komwe munthu amapuma pa zaka 60, mukalemba kuti "mwafika 59 bwana, Mulungu ndi wabwino" iwo amva kuti mukuwerengera masiku kuti mpando utsale. Nthabwala za imvi, za mimba, za ukalamba, siyirani anzawo a msinkhu wawo.

Maonekedwe ayi. "Mukuoneka ngati mtsikana wa zaka 20" kuchokera kwa mnyamata kupita kwa bwana wachizimayi, kapena "ndinu bambo ooneka bwino" kuchokera kwa mtsikana kupita kwa bwana wachibambo, zimenezo zimapita kwina. Chimodzimodzi ma emoji a mitima ndi a kiss aja, komanso mawu oti "okondedwa" ndi "ndimakukondani". Emoji imodzi ya keke kapena manja opemphera ndiyokwanira, olo osaika.

Nthabwala ya "keke ili kuti bwana" kapena "lero mutigulira lanchi" imadalira ofesi. Pagulupu pomwe aliyense amaseka choncho ndipo abwana amayankha, ilibe vuto. Painiboksi, kuchokera kwa munthu watsopano, ndi kupempha.

Vesi mutha kuika ngati mukudziwa kuti ndi opemphera ndipo inunso mumatero, limodzi lokha. Numeri 6:24-26 lija la mdalitso limakhala bwino. Koma liwerengeni kaye musanatumize, musangotola nambala pamtima, wina anatumizapo Masalimo 90:10 poganiza kuti ndi la moyo wautali, pomwe limanena kuti masiku a munthu ndi zaka 70 kapena 80 ndipo amatha msanga. Kwa bwana wachisilamu mawu oti Mulungu akupatseni thanzi ndi moyo wautali ndi abwinobwino popanda vesi.

Ndipo chonde musafowade. Zithunzi zija za maluwa onyezimira ndi ndakatulo zotola pa Facebook, WhatsApp imaika chizindikiro cha "Forwarded" pamwamba, pena mpaka "Forwarded many times", nde abwana akuona kuti mwawapatsa zotsala za anthu ena. Olo mutakopa nkumata kuti chizindikirocho chisaoneke, mawu ake amadziwika, mwina alandira omwewo kuchokera kwa anthu anayi mmawa womwewo.

Musanadine

Iwerengeni mokweza, ngati kuti mwaima pakhomo la ofesi yawo mukuwauza pamaso. Pomwe lilime lachita manyazi, chotsani. Kenako ganizani kuti mnzanu wa desiki yoyandikana uja, wa pakamwa uja, waiwerenga, kodi akusekani? Ngati eya, pali mawu onenepa omwe atsala. Yang'anani makamaka "kwambiri", "koposa", "nthawi zonse", "palibe wina", amenewa ndi omwe amafufumitsa meseji. Kutalika kwake isapitirire mizere inayi kapena isanu pafoni, yoti awerenge akuyenda kuchokera pagalimoto kupita muofesi. Zidule za HBD ndi zilembo zodula mawu ndi za anzanu, kwa abwana lembani mawu athunthu.

Onetsetsani dzina, ena ndi Chirwa ena Chilwa, ena Mbewe ena Mbeŵe, lembani mmene eni ake amalembera. Onetsetsaninso kuti mwatsegula macheza oyenera, osati gulupu ya ofesi pomwe mumafuna iniboksi. Mukalakwitsa chilembo WhatsApp imalola kukonza ndi Edit mkati mwa mphindi 15, ngakhale imasiya kachizindikiro koti mwakonza, zomwe zilibe vuto. Chomwe sindikonda ndi Delete for everyone, chifukwa imasiya mawu oti meseji yafufutidwa, abwana nkumadabwa kuti kodi analemba chani.

Za mphatso mwachidule: panokha musagule. Ngati ofesi ikusonkha, sonkhani mulingo womwe ena akusonkha kudzera kwa amene akutolera pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lanu likhale pa khadi limodzi ndi ena. Kubwera ndi nkhuku yanu kapena botolo lanu lapadera ndi kunyambita kwa manja, ndipo malo ena antchito ali ndi malamulo oletsa zimenezo. Pa khadi yagulu lembani mzere umodzi ndi dzina, musadye malo a anzanu.

Mwatumiza, tsopano?

Ikani foni m'thumba muzigwira ntchito. Akayankha "zikomo", mwina ingoikani chala chokweza kapena "zikomo bwana", nkhani yatha, musayambitse macheza oti mwakonza zotani lero. Akapanda kuyankha olo mizere ija itasanduka yabuluu, musatumize ina, musakafunse kuti munaiona meseji yanga, tsiku limenelo amalandira mameseji ambiri. Mukakumana pakhonde perekani moni wa masiku onse, mutha kuwonjezera "tsiku labwino bwana", osabwerezanso zonse zija pamaso.

Mukaiwala nkukumbukira mawa lake, lembani mzere umodzi: "Bwana, ndamva mochedwa kuti dzulo linali tsiku lanu lobadwa, ndikufunirani chaka chabwino." Osapepesa ndime yonse ngati mwaphwanya galimoto ya kampani. Pakapita masiku atatu zisiyeni, mudzalemba chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho musadzabwereze nkhani yomweyo, meseji yakale imakhala ili pompo pamwamba pa yatsopanoyo, amaziona zonse ziwiri.

Mnyamata wa ku Kanengo uja anatumiza yake 8:20. Mpaka lanchi kunali zii, amangoyang'ana foni mphindi iliyonse nkumandilembera kuti achimwene mwina tinafupikitsa kwambiri, mwina aona ngati mwano. Cha m'ma 3 koloko yankho linabwera: "Zikomo kwambiri. Kabuku kaja ubwere nako Lolemba ndidzakaone."